Positala ya tsiku la mbewu zamakolo ku Ulongwe: mmene ntchito ikuyendera

Lolemba

Komiti ya alimi yandipatsa ntchito yokonza positala yoitanira anthu ku tsiku loonetsa ndi kusinthana mbewu zamakolo, lomwe lichitike mvula yoyamba isanagwe. Akufuna mapositala ochepa aakulu, a A3 amitundu, omata pamsika, kuchigayo ndi pokwerera mashapa, komanso ang'onoang'ono ambiri a A4 akuda ndi oyera oti alimi apite nawo kumidzi, mbali ya ku Domwe ndi ku Tsangano. Chithunzi chabwino chojambula ndi kamera tilibe. Tagwirizana kuti chithunzi chakumbuyo chipangidwe ndi makina opanga zithunzi a pa intaneti aja, koma mawu onse ndilembe ndekha mu Scribus, pulogalamu yaulere yosanjira masamba.

Ndisanatsegule kompyuta ndinayamba ndapita kumalo osindikizira, chifukwa kumeneko ndi komwe kumalamula kukula kwa tsamba. Mnyamata wa pamakina ndinamufunsa ngati amatha kusindikiza mpaka m'mphepete mwenimweni mwa pepala.

"Ayi achimwene, makina athuwa amasiya mzere woyera kuzungulira konse, mamilimita anayi kapena asanu. Ndipo sufanana mbali zonse, pepala likalowa mopendekera mumaona."

Ku nyumba zazikulu zosindikizira, chithunzi amachitulutsa kunja kwa tsamba ndi mamilimita 3 mbali iliyonse, amasindikiza papepala lokulirapo kenako n'kudula. Kuno pepala lake ndi A3 yeniyeni, mamilimita 297 m'lifupi ndi 420 m'litali, ndipo palibe chodula. Choncho pa File > New ndasiya Bleeds pa 0, ndipo ndaika dala malire oyera a mamilimita 8 kuzungulira tsamba. Mzere wa makina uja ubisala m'malire amenewa, ndipo kupendekera pang'ono sikuoneka. Malo otsalira chithunzi ndi mamilimita 281 kwa 404. Manambala awiriwa ndawalemba pakapepala n'kumata pa laputopu, chifukwa zonse zotsatira zidalira iwo.

Lachiwiri

Lero linali tsiku lolimbana ndi chithunzi chakumbuyo, ndipo latha lonse.

Ukangouza makinawo kuti ukufuna mudzi wa mu Afirika ndi alimi, amakupatsa chigwa chouma cha udzu wachikasu, mitengo ya minga yophwatalala pamwamba, ndi dzuwa lofiira likulowa. Mlimi wa ku Angoniya sangazindikire kwawo pamenepo. Kuno ndi kumtunda, kozizira, kwa mizere ya chimanga, nyemba ndi mbatatesi, ndipo amene wakwera njinga kuchokera kumpoto amakhala akuona phiri la Domwe. Ndiye m'mawu olamulira ndinachotsamo dzina la dera lililonse n'kumangotchula zinthu zooneka ndi maso: mapiri obiriwira patali, dothi lofiira, mizere ya m'munda.

Nkhani ya anthu m'chithunzi ndaithetsa msanga. Zithunzi zomwe zinali ndi anthu zinkaoneka bwino pafoni, koma nditazikulitsa pa kompyuta, mayi wina anali ndi zala zisanu ndi chimodzi, ndipo mpini wa khasu unkalowa m'dzanja n'kutulukira m'chigongono. Pa A3 dzanja lotere limakhala lalikulu ngati bokosi la machesi, ana asukulu sangalephere kuliona. Komanso nkhope yopeka pa positala ya m'mudzi imabweretsa funso lakuti "ameneyu ndi wa kwa yani?", ndipo yankho palibe. Anthu ndawachotsamo onse. Chatsala ndi lichero la mbewu patsogolo, munda pakati, mapiri ndi thambo kumbuyo.

Chomwe chinanditengera nthawi kwambiri ndi kupempha malo opanda kanthu. Makinawa amakonda kudzaza ngodya iliyonse, mitambo apa, mbalame apo, nthambi pamwamba. Chithunzi chotere ndi chokongola pachokha koma sichilandira mawu. Ine ndikufuna kuti magawo awiri mwa asanu akumtunda akhale thambo losalala, loti mutu wa positala ukhalepo popanda chopikisana nacho. Mawu amene anandipatsa chinthu chogwirika ndi awa:

```
poster background, portrait 2:3, flat illustration,
woven winnowing basket with maize, beans and groundnuts,
ridged red-soil field, green hills far behind,
top 40% plain pale sky, no people, no text, no letters
```

Mawu oti flat illustration ndinawaika dala. Chithunzi chooneka ngati chojambula pamanja chimapirira kukulitsidwa kusiyana ndi chofanizira kamera, ndipo palibe amene angaganize kuti ndi munda wa munthu wina weniweni. Kuletsa zilembo nakonso n'kofunika, ngakhale makinawo samva nthawi zonse: pa chithunzi china anaika thumba pambali pa lichero, lolembedwa zinthu zooneka ngati mawu koma zosawerengeka m'chilankhulo chilichonse. Ngakhale akanalemba molondola sindikanawalola. Mawu ophikidwa m'chithunzi sungawasinthe komiti ikasintha ola, ndipo makomiti amasintha maola.

Ndasankha zithunzi ziwiri n'kupita nazo kwa amayi omwe amasunga mbewu za gulu. Anayang'ana nthawi yaitali osalankhula, kenako analoza ndi chala.

"Mwanangu, chimanga ichi ndi cha m'sitolo. Maso ake onse ofanana, achikasu ngati chakudya cha nkhuku. Chathu chamakolo n'choyera, cholimba, china chamawangamawanga. Nanga nzama zili kuti?"

Zoona. Positala ya mbewu zamakolo yokhala ndi chimanga cha haibulidi ikanatichititsa manyazi pamaso pa anthu omwe tikuwaitanawo. Ndasintha maize kukhala white flint maize, ndipo chimanga chatuluka choyera. Nzama zakanika. Makinawo amatulutsa nyemba wamba kapena tinthu tozungulira tosadziwika. Amayi aja anati bola kusiya nyemba ndi mtedza zokha kusiyana ndi kunamizira nzama, ndipo dzina la nzama lilowe m'mawu. Tatero.

Lachitatu m'mawa

Chithunzi chomwe ndatsitsa ndi cha mapikiselo 1024 m'lifupi ndi 1536 m'litali. Pafoni n'chakuthwa, koma papepala nkhani ndi kuchuluka kwa timadontho pa inchi iliyonse, komwe pa kompyuta amalemba kuti dpi. Masamu ake ndi awa:

```
281 mm / 25.4 = 11.06 in
1024 px / 11.06 in = 93 dpi
```

Osindikiza amapempha 300 pa zinthu zowerenga m'manja. Positala yoonera patali imakwanira ndi 150 kapena kuposerapo pang'ono. Koma 93 ndi yochepa. Nditaika chithunzicho mu Image Frame n'kuchitambasula, bokosi la Properties linaonetsa nambala yomweyo pa Actual X-DPI, ndipo Preflight Verifier, yomwe imafufuza zolakwika mu Scribus tsamba lisanasindikizidwe, inachenjeza, chifukwa iyo imadandaula ndi chithunzi chilichonse chochepera 144. Ndi maso zimaonekanso: m'mphepete mwa lichero munali timasitepe, ndipo maso a chimanga anasungunukirana.

Kukulitsa chithunzi ndi Scale Image mu GIMP, pulogalamu yokonzera zithunzi, kumawonjezera mapikiselo koma sikuwonjezera chilichonse chooneka, kumangofewetsa timasitepe tija kukhala chifunga. Ndagwiritsa ntchito Upscayl, pulogalamu yaulere yomwe imakulitsa chithunzi poyerekeza mizere yomwe ikusowa. Imafuna kompyuta yokhala ndi khadi la zithunzi lamphamvuko, ndiye ndinakachitira pa kompyuta ya mphwanga. Kukulitsa kanayi kunapereka mapikiselo 4096 kwa 6144, omwe pa tsamba lathu ndi 370 dpi. Zimenezo n'zopitirira, fayilo inalemera moti laputopu yanga inkachita kukoka miyendo. Ndaichepetsa mu GIMP kufika 2400 kwa 3600, kutanthauza 217 dpi, ndipo yakwana bwino.

Mukakulitsa chonchi muziyang'ana chithunzi chonse pa 100%, kachigawo ndi kachigawo. Pulogalamuyi imapeka, ndipo pena imapeka zolakwika. Pa lichero, pomwe nsungwi zimalukana, panali malo amene mizere inasanduka ngati pulasitiki wosungunuka. Mwamwayi ndi kumunsi, komwe kubisike ndi lamba wa mawu. Mbalame imodzi yomwe inazembera m'thambo ndaifufuta ndi Clone Tool.

Chithunzi cha 2:3 n'chachitali pang'ono kuposa malo athu. Chikadzaza mamilimita 281 m'lifupi chimafika pafupifupi 421 m'litali, pomwe tikufuna 404. Mamilimita 17 otsalawo ndawadula kumunsi, thambo ndalisiya lonse. Osachifinya kuti chikwane, lichero lingasanduke mbale yophwanyika.

Lachitatu madzulo

Tsamba ndaligawa m'magawo atatu osanjikana pa Windows > Layers. Pansi pali chithunzi, ndipo ndachikhoma kuti chisasunthe ndikamakoka zina. Pakati pali lamba wamtundu. Pamwamba pali mawu okhaokha. Kugawa kotere kudzathandiza pokonza ya A4, chifukwa ndidzangozimitsa gawo limodzi osakhudza ena.

Mawu omwe apampando ananditumizira anadzaza tsamba lonse la kope: moni, mbiri ya gulu, mayina a mbewu khumi ndi zingapo, mayina a alendo, ndi kuthokoza amfumu. Ndinawafotokozera kuti munthu wodutsa pa njinga ali ndi mpata wowerenga zinthu zitatu basi: n'chiyani, liti, kuti. Sanakondwe.

"Ndiye amfumu tiwasiye, achimwene? Mukufuna atiyese opanda mwambo?"

Apa ndinagonja pang'ono, chifukwa akudziwa mudzi wawo kuposa ine. Mzere wothokoza amfumu watsala, m'zilembo zing'onozing'ono kumunsi. Mbiri ya gulu ndi mayina a alendo zidzanenedwa pakamwa patsikulo.

Mutu uli m'mizere itatu. Pa muyeso wa kukula kwa zilembo wotchedwa pt, TSIKU LA ndi 60 pt, ndipo MBEWU ndi ZAMAKOLO ndi 125 pt iliyonse. Nambala imeneyi yalamulidwa ndi liwu lalitali, ZAMAKOLO, lomwe liyenera kukwana m'lifupi n'kusiya sentimita imodzi mbali zonse. Pa kukula kumeneku zilembo zazikulu zimatalika pafupifupi masentimita atatu. Pansi pake pali mzere wa Chipwitikizi, Dia das Sementes Locais, pa 40 pt. Zilankhulo ziwiri n'zofunika kuno, chifukwa a ku boma ndi aphunzitsi ena ochokera kumwera sawerenga Chichewa, koma sindinazipatse kukula kofanana. Zikafanana, diso limasowa poyambira, ndipo mawu onse amachepa kuti akwane. Oitanidwa ndi alimi, ndiye Chichewa chili patsogolo. Ola ndalilemba pawiri, "9 koloko m'mawa" ndi "09h00", monga momwe zimalembedwera m'makalata a boma kuno.

Lachinayi

Fonti yomwe ndinayamba nayo, yonenepa bwino yooneka ngati yolembedwa ndi bulashi, yagwa pa liwu limodzi. Akuluakulu a komiti anapempha kuti tsiku lilembedwe Loŵeruka, ndi kadenga pamwamba pa w, monga anazolowera kuwerenga. Nditalimata liwulo, pamalo pa ŵ panatuluka kabokosi kopanda kanthu. Zilembo za Chipwitikizi monga á ya Sábado ndi ã ya manhã zinalipo, chifukwa mafonti ambiri amakhala nazo, koma ŵ ambiri okongoletsa alibe. Scribus simabwereka chilembo ku fonti ina mwakachetechete monga zimachitira mapulogalamu olembera makalata. Imangosiya bokosi, ndipo Preflight Verifier imanena kuti pali chilembo chosowa. Ine khalidwe limeneli ndimalikonda, chifukwa vuto umaliona lisanafike papepala. Ndasinthira ku Noto Sans Bold, yomwe ili ndi zonse. Siyokongola ngati ija, koma patali imawerengeka bwino kuposa iyo. Poyesa fonti ina iliyonse tsopano ndimayamba ndamata mzere uwu:

```
Loŵeruka Ŵ ŵ Sábado manhã ç ó ê 09h00
```

Kenako nkhani ya mitundu. Mutu ndinauyesa wofiira ngati dothi la m'chithunzi, ndipo pa kompyuta unkaoneka bwino pathambo lotuwa. Tsiku ndi malo ndinayesa kuziika molunjika pamwamba pa munda, zoyera. Sizinatheke: pomwe chilembo chadutsa pa chimanga choyera chimasowa, pomwe chadutsa pa dothi chimaoneka. Kuika mthunzi kumbuyo kwa zilembo kumangodetsa. Chithunzi cha tinthu tambirimbiri sichinyamula mawu ang'onoang'ono, zivute zitani.

Njira yodziwika ndi kuika lamba wakuda woonekera mkati, kuti chithunzi chizionekabe pang'ono kuseri. Koma apa pali msampha. PDF 1.3 ndi PDF/X-3 sizilola zinthu zoonekera mkati, ndipo Scribus siziphwatalitsa yokha, ndiye lamba amene pa kompyuta ali pa Opacity 70% sangatuluke momwe ukumuonera. Ukhoza kusankha PDF 1.4, kapena kudetsa gawolo mu GIMP chithunzi chisanalowe mu Scribus. Ine ndasankha chosavuta koposa: lamba wobiriwira kwambiri, wosaonekera mkati ngakhale pang'ono, wa mamilimita 110 kuchokera kumunsi. Wabisa malo osungunuka a lichero aja, ndipo zilembo zoyera zakhala pamtundu umodzi wosasintha. Tsiku ndi ola zili pa 48 pt, malo pa 36 pt, mayina a mbewu (nzama, khobwe, mawere, mapira, chimanga chamakolo) pa 26 pt, mzere wa amfumu pa 20 pt. Palibe chochepera pamenepo, chifukwa A3 ikachepetsedwa kukhala A4 zonse zimatsika kufika pa 71%, ndipo 20 pt imasanduka 14.

Lachisanu

Ndasindikiza imodzi yoyesera. Pa File > Export > Save as PDF ndinasankha kuti mafonti asanduke mizere, pa Outline, kuti kompyuta ya kosindikizira isafune Noto Sans. Fayilo ndinapita nayo pa fulashi. Mukatumiza pa WhatsApp, muzitumiza ngati Document. Mukaitumiza ngati chithunzi imafinyidwa, ndipo ntchito yonse yokulitsa ija imapita pachabe.

Papepala mitundu yasintha, monga zimayembekezeka. Galasi la kompyuta limawala ndi mitundu itatu ya kuwala yotchedwa RGB, pomwe makina amasakaniza inki zinayi zotchedwa CMYK, ndipo zobiriwira zowala ndi buluu wowala ndizo zimafooka kwambiri. Mapiri atuluka oderako, thambo lapendekera ku phulusa. Thambolo silikundidetsa nkhawa, mutu ukuonekabe. Mapiri ndawawalitsa pang'ono mu GIMP ndi Colors > Curves, pongokweza pakati pa mzere. Pa Color mu bokosi la PDF ndasiya Screen / Web, chifukwa mnyamata uja anati makina awo amasintha okha mitundu ndipo mafayilo obwera kale mu CMYK amatuluka akuda kwambiri. Kukanakhala ku nyumba yaikulu yosindikizira ndikanafunsa kaye mtundu wa fayilo yomwe akufuna.

Pepala loyeseralo tinalimata pakhoma la chigayo dzuwa lili pamutu, ine n'kuwoloka msewu. Mutu unawerengeka bwinobwino. Tsiku linawerengeka nditabwerera pakati pa msewu. Malo ankafuna kuyandikira ndithu. Bambo wina wachikulire amene ankadikira ufa wake ndinamupempha kuti awerenge ali pomwe anakhalapo, pa njerwa pafupi ndi khomo.

"Mbewu zamakolo, Loweruka. Koma kuti, mwana wanga? Apo pakundivuta."

Malo ndawakweza kufika 44 pt, n'kuchotsa mawu oti "mwambowu udzachitikira" omwe ankadya danga pachabe. Munthu akadziwa tsiku koma osadziwa malo, positala yalephera.

Yeso lomwe linaulula zambiri ndi la fotokope yakuda ndi yoyera. Mutu wofiira uja unatuluka wotuwa, wosasiyana kwenikweni ndi nsonga za mapiri pomwe ZAMAKOLO imazikhudza. Kufiira ndi kubiriwira zimasiyana ndi maso, koma kuderako kwake n'kofanana, ndipo fotokope imangoona kuderako basi. Lamba wobiriwira anatuluka wakuda wamizeremizere, chifukwa makina a fotokope savutika ndi zilembo koma amavutika kudzaza malo aakulu akuda mofanana, komanso amadya inki ya mwini wake. Mutu wa A3 ndausintha kukhala wakhofi woderatu, wotsala pang'ono kuda. Aliyense angayese izi asanalipire kosindikizira: tumizani tsamba ngati chithunzi, litsegulani mu GIMP, sankhani Image > Mode > Grayscale, muone ngati mawu akuonekabe.

Loweruka

Ya A4 ndaipanga payokha m'malo mongochepetsa ya A3. Ndakopera fayilo, ndazimitsa gawo la lamba, mawu onse ndawasandutsa akuda, a K 100, kutanthauza inki yakuda yokhayokha, papepala loyera. Chithunzi ndachidula kuti patsale lichero lokha pakati pa tsamba, ndachisandutsa chotuwa n'kuchiwalitsa kwambiri. Thambo ndi mapiri zachoka, chifukwa pa fotokope zimangokhala utsi. Kunena zoona, iyi ndi yomwe ifike kwa anthu ambiri, ndipo ndi yomwe chithunzi cha makina chikugwira ntchito yochepa kwambiri.

Apampando aimba madzulo ano kuti ola lasintha, tiyambe 8 koloko chifukwa ochokera kutali akufuna kubwerera dzuwa lisanapendeke. Ndasintha m'mabokosi awiri pa fayilo iliyonse, wa Chichewa ndi wa 08h00, ndipo chithunzi sindinachikhudze. Ndachitanso File > Collect for Output kuti fayilo ya Scribus, zithunzi ndi fonti zikhale m'foda imodzi, popeza Scribus simasunga chithunzi mkati mwa fayilo, imangokumbukira pomwe chili. Mukasuntha chithunzi n'kusiya fayilo, mumapeza bokosi lopanda kanthu.

Zatsala: yoika pa Status ya WhatsApp, yomwe imafuna 1080 kwa 1920. Imeneyi ndi yopapatiza kuposa chithunzi chathu, ndiye ndidula m'mbali, ndipo ZAMAKOLO iyenera kuchepa kuti ikwane. Mlembi wa komiti awerenge mawu onse a Chipwitikizi tisanasindikize zambiri, makamaka mzere wa malo. Ndipo Lolemba m'mawa ndikasindikize A3 imodzi ina yoyesera, ndione ngati mapiri awala mokwanira komanso ngati 44 pt ikuwerengeka kuchokera pa njerwa ija ya kuchigayo, tisanapereke mametikali a gulu.